Mutu wa kafukufuku wa udokotala: zofuna za opereka ndalama ndi ntchito yanu ya mawa

"Ndimaphunzitsa za mbewu pa koleji ina ndipo digiri yanga yachiwiri inali yokhudza chuku cha mtedza. Ndikufuna kupempha thandizo la Commonwealth kuti ndikachite digiri ya udokotala ya PhD ku Britain. Anzanga akuti ndisinthe mutu ukhale wa kusintha kwa nyengo poti ndiko kuli ndalama, pomwe pulofesa wina wa kumeneko akufuna ndifufuze majini, kapena kuti za chibadwa, a nkhungu yobweretsa chukucho. Ine cholinga changa ndi kudzagwira ntchito kuno kwathu mpaka kupuma. Ndisankhe chiti?"

Mayi, musasiye mtedza wanu. Uphungu wanga ndi wakuti mufunefune malo amene funso lanu likukumanadi ndi zofuna za opereka ndalama, ndipo pa nkhani ya chuku malowo alipo, sofunika kuchita kupeka.

Bungwe la Commonwealth Scholarship Commission limaika mapempho m'magulu asanu ndi limodzi a chitukuko, ndipo mwa iwo muli la sayansi ndi luso lothandiza chitukuko komanso la kulimbikitsa anthu kupirira ndi kuthana ndi mavuto ogwa mwadzidzidzi. Wopempha amayenera kulemba momveka mmene kafukufuku wake adzapindulire dziko lake akabwerera. Amene amawerenga mapemphowa aona ambiri olembedwa ndi anthu amene angomata mawu akuti kusintha kwa nyengo pamutu ndi m'ndime yoyamba, koma mukafika pa njira zofufuzira simupezamo mvula, kutentha kapena chinyezi zikuyezedwa. Poyesera pake ndi pomwepo: ngati chofuna cha opereka ndalama sichikuoneka mu zinthu zimene mudzayeze, ndiye kuti mutuwo wangovekedwa malaya obwereka.

Kwa inu kugwirizanako kuli m'nthaka momwe. Nkhungu ya Aspergillus flavus, imene imatulutsa poizoni wa afulatokisini, imalowa mtedza mosavuta pamene mbewu yasowa madzi ndipo nthaka yatentha m'masabata omaliza mtedza usanakumbidwe. Mvula ikadula msanga, vuto limayambira m'munda, mtedza usanafike poyanika kapena m'thumba. Msika wa mayiko a Mgwirizano wa Ulaya sulola mtedza wodyedwa mwachindunji wopitirira mayikulogalamu 4 a afulatokisini yense pa kilogalamu, choncho nkhani ya ng'amba ikukhudza thanzi ndi malonda pamodzi, ndipo ikulowanso mu mzati woyamba wa masomphenya a Malawi 2063, wa ulimi wopindulitsa ndi wa malonda. Funso lanu likhoza kukhala lotere: kodi nthawi yodzala, mizere yomanga mabokosi osunga madzi ndi kuphimbira nthaka zimachepetsa afulatokisini ndi mlingo wotani pamene mvula yadula msanga, ndipo kodi zotsatira zake ndi zofanana ku Salima kotentha ndi ku Mchinji? Pa funso limeneli mudzayeza chinyezi cha nthaka, kutentha kwake ndi poizoni wa m'mtedza, ndipo palibe amene anganene kuti nyengo mwangoitchula pofuna ndalama.

Tsopano tengani kalendala, pakuti mitu yambiri yokongola imafera pamenepa. Thandizo la Commonwealth la digiri imeneyi ndi la miyezi 36, pomwe mvula kwathu kuno imagwa nyengo imodzi pachaka. Tiyerekeze kuti mwayamba mu Okutobala 2026. Chaka choyamba chidzathera pa kuwerenga, kuphunzira njira za m'labotale ndi kuteteza dongosolo lanu pamaso pa yunivesite. Mbewu yoyamba mudzadzala cha mu Disembala 2027 ndi kukumba cha mu Epulo kapena Meyi 2028, yachiwiri mudzakumba nthawi yomweyo mu 2029, ndipo ndalama zidzatha mu Sepitembala 2029. Mwatsala ndi miyezi inayi kapena isanu yoyeza zitsanzo zomaliza, kusanthula ndi kulemba. Mutu uliwonse wofuna nyengo zitatu za mvula sungakwane, pokhapokha mutapeza wothandizana naye kuno amene angadzale munda woyeserera m'chaka choyamba inu muli kunja. Werenganinso malamulo a opereka ndalama okhudza miyezi imene amalola wophunzira kukhala kumunda kunja kwa Britain, chifukwa nyengo ziwiri zonse zathunthu zikhoza kupitirira malirewo, ndipo zimenezi ziyenera kukambidwa ndi wokuyang'anirani pempho lisanatumizidwe.

Pali ngozi ina imene ndimafuna kuiona itayankhidwa m'pempho lililonse la mtundu umenewu. Ngati zaka zonse ziwiri mvula itagwa bwino mpaka kumapeto, afulatokisini adzakhala wochepa m'minda yonse ndipo simudzaona kusiyana pakati pa njira zanu. Muchinjirize vutoli pa dongosolo pomwe: dzalani kawiri kapena katatu motalikitsa masiku kuti mbewu yochedwa ikumane ndi ng'amba, khalani ndi malo awiri osiyana nyengo, ndipo ngati ndalama zilola mangani denga la pulasitiki lotchinga mvula pa zigawo zina. Kumbukiraninso kuti poizoniyu sagawanika mofanana. Njere zochepa kwambiri zikhoza kusenza pafupifupi poizoni yense wa m'thumba, kotero chitsanzo chaching'ono chimanamiza, ndipo bajeti yanu iyenera kukwanira zitsanzo zazikulu zogayidwa bwino ndi kuyezedwa mobwereza. Wowerenga akaona kuti mwaganizira izi amadziwa kuti mudzamaliza, ndipo opereka ndalama amaopa wophunzira wosamaliza kuposa mutu wosatchuka.

Za majini a nkhungu sindikuzinyoza, ndi sayansi yabwino, ndipo pulofesayo mukumufuna popeza pempho limafuna kalata ya amene wavomera kudzakuyang'anirani. Koma dzifunseni funso ili moona mtima: chaka chachiwiri mutabwerera, mudzatha kubwereza njira imeneyi ndi zimene zili m'labotale ya pa koleji panu? Ngati chilichonse chidzafuna makina ndi mankhwala oitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, ndiye kuti ntchito yanu yonse idzadalira labotale ya munthu wina, ndipo inu mudzasanduka wotolera zitsanzo pomwe mafunso akufunsidwa kwina. Luso lokonza minda yoyeserera, kuyeza poizoni ndi kusanthula manambala mudzaligwiritsa ntchito pa chimanga, pa ufa wa phala la ana ndi pa chakudya cha ziweto, ndipo mudzatha kuyang'anira nalo ophunzira a digiri yachiwiri. Lusoli ndi limene lidzakhale nanu pamene opereka ndalama asintha zokonda zawo, monga amachitira pakapita zaka zingapo.

Chimene ndingachite ndikanakhala inu ndi kupatsa majini mutu umodzi mwa mitu ya buku la kafukufuku wanu wa digiriyi. Tolerani nkhungu m'minda yanu ya ku Salima ndi ku Mchinji, ndipo ku Britain mukaone kuti ndi mitundu iti yotulutsa poizoni ndi yosatulutsa, komanso ngati ng'amba ikusintha kuchuluka kwake. Zimenezi zikugwirizana ndi mankhwala a Aflasafe a bungwe lofufuza za ulimi la IITA, amene amagwiritsa ntchito nkhungu zosatulutsa poizoni kuti zipikisane ndi zoipazo. Pulofesa adzapeza nkhani yake yoti asindikize m'magazini ya sayansi, koma msana wa kafukufuku udzakhala wanu. Kutumiza nkhungu kunja kumafuna zilolezo ndi pangano lolembedwa pakati pa mabungwe awiriwo, lonena mwini wa zitsanzo ndi wa zotsatira, ndipo ntchito imeneyi iyambike m'chaka choyamba.

Musanalembe pempho lonse, tumizani kwa pulofesayo tsamba limodzi lokhala ndi funso lanu, kalendala ya nyengo ziwirizo ndi gawo la majini monga mwaliikira. Mufunseni mwachindunji ngati akuvomera kuti minda ikhale phata, ngati angalole woyang'anira wachiwiri wochokera kuno, monga wa ku LUANAR kapena ku Chitedze, komanso kuti ndalama zoyezera zitsanzo zidzachokera kuti. Akayankha kuti angakulandireni pokhapokha buku lonse litakhala la majini, mulembere wina chaka chino chisanathe.