Musafunse kokha ngati amatumiza katundu ku Malawi

"Abale, ndapeza katundu kwa wogulitsa wina wa pa intaneti wa ku China, koma Chingerezi chimandivuta. Ndithandizeni kauthenga kachidule ndiponso kaulemu komufunsa ngati angathe kunditumizira kuno ku Lilongwe."

Mayi, chonde musalembe funso lija aliyense amathamangira kulemba lakuti "Do you ship to Malawi?", chifukwa yankho lake limabwera lokoma kwambiri koma silikutetezani pa chilichonse. Wogulitsa amene anandiliza ine anayankha funso limenelo pasanathe mphindi, anati "Yes dear", ndipo pamtengo wotumizira anangoti ndi madola 60. Ndinkagula zidole ziwiri zovekera zovala za mushopu yanga ya ku Bwalo la Njovu, zidole za pulasitiki zopepuka zimene zonse pamodzi zinkalemera makilogalamu 7. Ndinalipira mtengo wa zidole ndi wotumizira womwe, madola amene nonse mukudziwa mmene amavutira kuwapeza mumzinda muno.

Ndalama zitangolowa, munthuyo anasintha. Uthenga wake unandipeza m'bandakucha, poti kwawoko amatsogola ndi maola asanu ndi limodzi, ndipo unkati ndiwonjezere madola 130 chifukwa katundu wanga akulemera makilogalamu 24. Apa mpamene pagona nkhani imene ogulitsawa amaidziwa bwino koma sainena msanga. Makampani onyamula katundu pandege salipiritsa kulemera kwa pasikelo kokha, amayezanso malo amene katoni ikudya m'ndegemo. Amachulukitsa utali, mulifupi ndi msinkhu wa katoniyo m'masentimita, kenako amagawa ndi 5000, ndipo pakati pa nambala imeneyo ndi ya pasikelo amatenga yaikulu. Katoni yanga inali ya masentimita 60 ndi 50 ndi 40, zomwe zimapereka 120,000, ndipo mukagawa ndi 5000 mumapeza 24. Masamuwo ndi olondola, sindikukana. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti munthu amene amapakira zidole tsiku ndi tsiku ankaidziwa katoni yakeyo asanandiuze za madola 60, koma anadikira kuti ndalama zanga zikhale m'manja mwake.

Ndinawonjezera ndalamazo, poti kubweza kukanandidyera nthawi ndipo nyengo ya Khirisimasi inali itayandikira. Ndinkayembekezera kuti katoniyo ifika pakhomo la shopu, monga momwe amachitira makampani amene amagawa ndi 5000 aja, koma ayi ndithu, anaitumiza ngati katundu wamba wa pandege amene amathera pabwalo la ndege, ndipo kumeneko nthawi zambiri amagawa ndi 6000, kutanthauza kuti ikanawerengedwa makilogalamu 20. Anandilipiritsa mtengo wa njira yodula n'kutumiza panjira yotchipa. Ndinangolandira foni yakuti ndipite ku Lumbadzi ndikaombole katundu wanga.

Tsiku limenelo sindidzaliiwala. Ndinatseka shopu, n'kupita ndi mlamu wanga pa galimoto yake yomwe mafuta ake ndinathira ndine, ndipo titafika ndinauzidwa kuti ndikufunika ejenti woti andikonzere mapepala a kasitomu, amenenso ali ndi mtengo wake. Ejentiyo atatsegula envelopu ya mapepala anandiyang'ana kumaso n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndinachita kupangana ndi wogulitsayo. Pa invoisi munthu uja anali atalemba kuti katunduyo ndi mphatso ya madola 15. Mphatso ya madola 15 imene yawonongetsa madola 190 kuinyamula! Ofisala amene anawona pepalalo sanalakwe kukayikira, inenso ndikanakhala iye ndikanakayikira. Anandiuza kuti ndiwonetse umboni wa ndalama zimene ndinalipiradi, ndipo ndinaima pakauntala paja, anthu ali pamzere kumbuyo kwanga, ndikufufuza mauthenga a kubanki mufoni imene batire yake inali itatsala pang'ono kutha, thukuta likuyenderera kumsana ngati kuti ndagwidwa ndikuba. Msonkho anawerengera pa mtengo weniweni wa zidole kuphatikiza ndalama zonse zotumizira, chifukwa lamulo la msonkho wa kasitomu limatero, kotero kuti madola 130 owonjezera aja anandilumanso kachiwiri. Ndalama zimene ndinatenga sizinakwane, katoniyo inagona komweko, ndipo kugona kwakeko kunalinso ndi malipiro ake. Nditamulembera wogulitsayo madzulo ake anandiyankha kuti anachita zimenezo pofuna kundithandiza kuti ndisalipire msonkho wambiri, n'kuikapo kachithunzi ka nkhope yomwetulira. Anthu ena alibe manyazi ndithu.

Choncho uthenga umene mukufunawu ukhale waufupi, koma ufunse zinthu zimene munthu sangaziyankhe ndi mawu amodzi. Mukhoza kukopera uwu mmene ulili:

```
Hello,
I would like to buy this item. Before I pay, please tell me:
1. The total shipping cost to Lilongwe, Malawi.
2. The packed size (cm) and weight (kg).
3. The courier's name. Will I get a tracking number?
4. Is delivery to my door or to the airport? DAP or DDP?
Please show the true price on the invoice.
Thank you.
```

Mawu akuti "Before I pay" musawachotse, chifukwa wogulitsa amayankha mwachangu ndiponso mwatsatanetsatane pamene ndalama zidakali kwa inu. Funso lachiwirilo ndi limene likanandipulumutsa ine: akakupatsani miyezo ya katoni, chitani nokha masamu aja, ndipo mukawona kuti nambala yanu ikuposa kwambiri kulemera kumene iye wawerengera mtengo, dziwani kuti ndalama yowonjezera ikubwera. Zilembo za DAP zimatanthauza kuti iye afikitsa katunduyo pamalo amene mwagwirizana koma msonkho ndi wanu, pamene DDP imatanthauza kuti msonkho walipiriratu iyeyo. Akazemba funso limodzi, mubwerezereni funso lomwelo lokha mwaulemu, ndipo akazembanso musiyeni. Dzina la dziko lilembeni lonse, chifukwa ambiri kumeneko amatisokoneza ndi Mali, ndipo pomupatsa adiresi muikepo nambala ya foni yoyamba ndi +265, poti makampani onyamula katunduwa safikitsa katundu ku bokosi la ku positi ofesi ndipo m'ma Eriya mwathumu amatipeza pochita kuimba foni.

Komabe ndikuuzeni zoona, ulemu wanga wonse uja sunandibwezere ngakhale tambala imodzi. Munthu uja anayamba kundimvera pokhapokha nditakamudandaulira kwa eni ake a tsamba logulitsiralo n'kumulembera mawu aukali amene sindingawabwereze m'gulu muno, ndipo mpamene anandibwezera madola 40. Ngakhale zili choncho inu lembani mwaulemu, ndipo zokambirana zonse zichitikire pa tsamba lomwelo, musalole kuti akusamutsireni ku WhatsApp, chifukwa oweruza madandaulo amawerenga zimene zalembedwa patsamba lawo. Ndipo ngati katundu wanuyo ndi wopepuka koma wodya malo ngati zidole zanga, mwina musavutike n'komwe ndi uthengawu, pezani anthu aja amasonkhanitsa katundu wa amalonda ku Guangzhou n'kumubweretsa pa sitima kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Beira. Amachedwa miyezi, koma mtengo wake mumaudziwiratu, ndipo pakavuta chinthu muli ndi munthu woti mukamugogodere pakhomo konkuno ku Lilongwe.