Tizilombo tofiira tiwiritiwiri: funso lochokera ku Ulongwe

"Akulu, pamayeso anatipatsa nkhani ya mwana wa zaka 6, thupi lotentha, khosi louma, timadontho tofiirira m'miyendo. M'madzi a mumsana munaoneka tizilombo tofiira tiwiritiwiri, tonga nyemba, mkati mwa maselo oyera. Ndinalemba kuti kachilombo koyambitsa matendawa ndi nyumokokasi ndipo ndinalakwa. Ndinaphonya pati?"

Achimwene, kalata yanuyi yandikanda pachilonda chakale. Inu mwalakwira papepala, ine ndinalakwira pa munthu wamoyo.

Ndinali nditangoyamba ntchito mu labotale ya chipatala china m'chigawo chathu chino cha Tete. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe. Anandibweretsera madzi a mumsana a bambo wina wachikulire, oyera mbuu ngati otsukira mpunga. Botololo linakhala pathebulo maola angapo chifukwa ndinali ndekha, mzere wa oyezetsa malungo utafika panja. Nditapeza mpata ndinapaka pagalasi, n'kuthira utoto wapapo uja wa kirisito vayoleti mphindi imodzi, ayodini mphindi imodzi, kenako asitoni. Nthawi yomweyo wina anandiitana pawindo. Asitoni amafuna masekondi ochepa chabe, koma ine ndinayamba ndayankha kaye moni. Nditathira safuranini n'kuyang'ana pa maikulosikopu, ndinaona tizilombo tiwiritiwiri tofiira. Ndinalemba meningokokasi, kachilombo kena koyambitsa matenda oumitsa khosi, mtima uli m'malo.

Chipatala chinatekeseka. Meningokokasi amafala m'nyumba, ndiye anayamba kufunafuna abale onse ogona ndi bamboyo kuti awapatse mankhwala oteteza, nalembanso lipoti kuboma. Mawa lake mayi wina amene anakalambira pantchitoyi anayang'ana galasi langa lomwelo, nandifunsa modekha kuti, "Mwanawe, nyemba zake zili kuti apa?" Zoonadi, tizilomboto tinali tosongoka kunsonga ngati mikondo iwiri yolumikizana kumatako, ndipo m'mphepete mwa galasi, momwe asitoni sanafike kwambiri, tina tinali tidakali tapapo. Anatenganso khadi la wodwala, lomwe ine sindinaliwerenge n'komwe: khutu lakhala likutuluka mafinya, khungu lopanda kadontho. Anali nyumokokasi. Mwayi wake bamboyo anali atayamba kale kubayidwa seftiriakisoni, yemwe amagwira tizilombo tonse tiwiri.

Kuyambira tsikulo mtundu pawokha sindiukhulupirira. Njira imeneyi, imene Hans Christian Gram anaiyambitsa mu 1884, imadalira khungu la kachilombo. Kachilombo ka khungu lochindikala, monga nyumokokasi, kamagwira utoto wapapo osautaya, ka khungu lopyapyala, monga meningokokasi, kamautaya asitoni akafika n'kutenga wofiira. Koma nyumokokasi amadzisungunula yekha akakhalitsa m'botolo, ndipo wodwala akakhala kuti anamwa kale makapisozi a pamsika, khungu la kachilomboko limakhala litawonongeka. Wotereyu amafiira mosavuta. Ndimatsutsana nawo kwambiri aphunzitsi oloweza ana kuti "wapapo ndi uyu, wofiira ndi uyu" basi. Akuphunzitsa anthu kulakwa molimba mtima.

Ndisaiwale: madzi a mumsana musawaike mufiriji podikira, chifukwa meningokokasi amafa ndi kuzizira ndipo sadzamera pomudzala. Komanso muziyang'ana maselo oyera pagalasi lanu. Pakati pawo payenera kufiira. Pakakhala papapo, asitoni anachepa, ndipo chilichonse chapapo chomwe mukuona n'chokayikitsa. Pakaninso galasi lina.

Tsono funso lanu

Munamva "tiwiritiwiri" ndi "khosi louma" n'kuthamangira dzina lomwe mumalimva kawirikawiri. Koma wolemba mayeso anakupatsani zizindikiro zinayi zoloza kumodzi: kufiira, maonekedwe a nyemba ziwiri zoyang'anizana, kukhala mkati mwa maselo oyera, ndi timadontho tija, tomwe ndi magazi otuluka pansi pa khungu ndipo situzimiririka mukatidina ndi tambula yagalasi. Ameneyo ndi meningokokasi. Pamayeso utoto amautenga kuti unapakidwa bwino, choncho mawu oti "tofiira" okha anayenera kuchotsa nyumokokasi pamndandanda wanu.

Akadati timitengo tating'onoting'ono tofiira, tina tofupika ngati tozungulira, mwa mwana wazaka ziwiri wosabayitsa katemera, mukadalemba hemofilasi, ngakhale kuti wachepa chiyambire katemera wake kuno ku Mozambiki mu 2009. Akadati timitengo tapapo mwa khanda la masiku ochepa kapena gogo wofooka, ndi lisiteriya, ndipo pamenepo seftiriakisoni yekha sathandiza, pamafunika ampisilini.