Khirisimasi ya chaka chino ndi ya ndani?

"Tilipo anamwino anayi pachipatala chaching'ono cha kuno ku Ngabu. Holide ikafika, amene amatsala pantchito ndi ine ndi mnzanga mmodzi, ati poti sitili pabanja. Tsopano andiuza kuti ndandanda ndizilemba ineyo. Ndiyambire pati kuti pasakhale kukondera?"

Achemwali, kalata yanuyi yandikumbutsa zowawa. Ndinagwirapo ntchito pachipatala china cha m'boma la Nsanje, ndipo nyumba yanga inali yoyandikana ndi wodi ya amayi oyembekezera. Kuyandikirako ndi kumene kunandipweteketsa. Zaka zitatu zotsatizana Khirisimasi inandipeza m'yunifolomu. Koma tsiku limene limandiwawa mpaka lero ndi 15 Okutobala wina, Tsiku la Anakubala. Ndinali nditawagulira mayi chitenje, chili m'jumbo pansi pa tebulo la anamwino. Kunja kukutentha monga mudziwira Okutobala wa kuno kuchigwa, malata akulira. Mnzanga amene anayenera kundilandira anatumiza uthenga kuti alendo abwera kwawo. Chitenjecho ndinakapereka patatha masabata awiri, ndipo mayi anangoti, "Ndimadziwa kuti uli pantchito." Chaka chotsatira anali atatisiya.

Ndiye mawu oti "iwe ulibe banja" ndimadana nawo. Wosakwatiwa alinso ndi makolo, ali ndi mpingo, ndipo amatopa ngati wina aliyense.

Komanso si nthawi zonse pamene vuto limakhala mtima woipa wa munthu. Akuluakulu athu nawo ankati akutsata chilungamo, chifukwa ankangozungulira mayina: holide iyi woyamba, yotsatira wachiwiri, choncho. Tawerengani maholide a dziko lino: 1 Januwale, Chilembwe pa 15 Januwale, 3 Malichi, Lachisanu Loyera, Lolemba la Pasaka, 1 Meyi, Kamuzu pa 14 Meyi, Idi, 6 Julayi, Tsiku la Anakubala, 25 ndi 26 Disembala. Alipo 12. Mukawagawa motero kwa anthu anayi, mzere umathera ndendende pa wachinayi, Januwale n'kuyambiranso pa woyamba. Khirisimasi ndi holide ya nambala 11, choncho imagwera munthu wachitatu chaka ndi chaka. Wachitatuyo ndinali ine. Mukanakhala atatu kapena asanu ndi mmodzi zikanakhalanso chimodzimodzi. Aliyense amagwira maholide ofanana kuchuluka, koma ndani angasinthanitse Khirisimasi ndi 14 Meyi?

Ndiye pali za madzi. Amene sanakhaleko kuno sangamvetse kuti kuyambira Januwale mpaka Malichi ndandanda imalamulidwa ndi Shire ndi mitsinje yake. Mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, misewu inaduka, anthu sankatha kuwoloka. Wokhala kutsidya akalephera kubwera, wapafupi amalowa m'malo, ndipo palibe wolakwa. Cholakwika n'chakuti papepala la pakhoma pamakhalabe dzina la amene sanabwere uja. Mvula ikatha, zonse zaiwalika.

Tsono muchite chonchi

Siyanitsani maholide olemera ndi opepuka. Khalani pansi nonse anayi mugwirizane masiku anayi amene aliyense amawalirira. Kwathu akanakhala Nyuwere, Lachisanu Loyera, Tsiku la Anakubala ndi Khirisimasi. Aliyense atenge limodzi. Chaka choyamba chitani maere, timapepala m'kapu, onse akuona. Chaka chamawa aliyense asunthire pa tsiku lina. Mwina mungaganize zoti wa Khirisimasi apite pa Nyuwere, wa Nyuwere pa Lachisanu Loyera. Samalani apa, chifukwa wa Khirisimasi uja angagwirenso Nyuwere patangotha sabata. Ndi bwino kusunthira chakumbuyo, wa Khirisimasi apite pa Tsiku la Anakubala. Motero munthu amaigwira Khirisimasi kamodzi pa zaka zinayi. Masiku 8 otsalawo, awiriawiri.

Loweruka ndi Lamulungu akhale ndi mzere wawo, ndipo musamauyambirenso mwezi ukayamba. Mukamauyambiranso, sabata ya malipiro, imene aliyense amafuna kukagula zinthu ku Nchalo, izigwera munthu yemweyo. Mzere uzingopitirira, pachaka aliyense agwira masabata 13. Ngati pali wa Sabata pakati panu, angathe kugwirizana ndi mnzake kuti iye azitenga Lamulungu, mnzakeyo Loweruka, bola masiku afanane.

Gulani kope lachikuto cholimba. Muzilembamo amene wagwiradi ntchito, osati amene analembedwa. Wolowa m'malo mwa mnzake, kaya chifukwa cha maliro kaya madzi, alembedwe kuti ali ndi tsiku loti abwezeredwe, onse awiri asaine, ndipo tsiku lolemera libwezedwe ndi lolemera linzake. Ndandanda ya chaka chonse muipachike Disembala asanathe, dzina lanu likuonekera pa tsiku lolemera limene maere akupatsani.