Musanatenge ngongole ya kubanki, werengani masiku amene ndalama yanu imakhala kunja

Funso: "Ndili ndi sitolo ya zipangizo zomangira ku Lilongwe. Chaka chatha ndinagulitsa katundu wa K365 miliyoni amene ndinamuoda pa K292 miliyoni, koma kubanki kulibe kanthu. M'sitolo muli katundu wa K36 miliyoni, anthu ali nane ngongole ya K30 miliyoni, ndipo ine ndili ndi ngongole ya K16 miliyoni kwa ondipatsa katundu. Tsopano kontilakitala wina akufuna kumatenga katundu wa K15 miliyoni pamwezi, n'kumalipira pakatha masiku 60. Ndivomere? Nanga ndikakongole zingati kubanki?"

Zikomo bambo poika manambala poyera, chifukwa atipatsa poyambira. Maganizo anga ndi akuti musavomere mgwirizanowo mmene ulili, ndipo musapite kubanki musanasandutse manambala anuwo kukhala masiku. Ndalama yoyendetsera bizinesi imayenda ulendo: imachoka m'thumba tsiku limene mwalipira wokupatsani katundu, imagona pa shelefu ngati utoto kapena malata, imapita kwa wogula ngati ngongole, kenako imabwerera. Kuchuluka kwa mpamba umene mukufunika kumadalira kutalika kwa ulendowo, osati phindu limene mabuku akuonetsa.

Tiyambe ndi kugawa ndi masiku 365 a chaka. Mumagulitsa katundu wa K1 miliyoni patsiku, ndipo katunduyo mumamuoda pa K800,000. Masiku a katundu amapezeka pogawa mtengo wa zimene zili m'sitolo ndi mtengo woodera wa zimene zimatuluka patsiku: K36 miliyoni kugawa ndi K800,000 ndi masiku 45. Masiku a okongola kwa inu amapezeka pogawa ngongole zawo ndi malonda a patsiku: K30 miliyoni kugawa ndi K1 miliyoni ndi masiku 30. Masiku a okukongozani nawonso amawerengedwa pa mtengo woodera: K16 miliyoni kugawa ndi K800,000 ndi masiku 20. Mukaphatikiza 45 ndi 30, n'kuchotsapo 20, mutsala ndi masiku 55. Kutanthauza kuti chitini cha utoto chimene chafika lero mudzachilipira pa tsiku la 20, chidzagulidwa pa tsiku la 45, ndipo ndalama yake idzafika m'manja mwanu pa tsiku la 75. Masiku 55 a pakatiwo mumalipira ndinu.

Masiku amenewa mukawachulukitsa ndi K800,000 mupeza K44 miliyoni, imene ndi ndalama yanu yeniyeni yomwe ili kunja nthawi iliyonse. Wowerengera ndalama akhoza kukupatsani nambala ina, K50 miliyoni, pophatikiza 36 ndi 30 n'kuchotsa 16, ndipo sanalakwitse ayi. Kusiyana kwa K6 miliyoniko ndi phindu limene lili m'kati mwa ngongole za makasitomala, lomwe mabuku analilemba kale ngati lanu koma simunaligwirepo. Apa ndi pamene pagona yankho la chifukwa chake kubanki kuli gwaa pamene mabuku akuoneka bwino.

Komabe nambala ya masiku 30 ija ndikuikayikira, ndipo ndikupemphani muiunikenso. Sitolo ya zomangira imagulitsa zambiri pa kauntala kwa anthu olipiriratu, ndipo malonda oterewa sayenera kulowa m'chiwerengero cha ngongole. Tiyerekeze kuti theka la malonda anu ndi la ndalama yapompopompo. Ndiye kuti malonda a ngongole ndi K500,000 patsiku, ndipo K30 miliyoni ija ikuimira masiku 60, osati 30. Ndalama imene ili kunja sinasinthe, koma chithunzi cha makasitomala anu chasintha kwambiri: ngati munagwirizana nawo masiku 30, iwo akutenga nthawiyo kawiri. Njira yodziwira zoona ndi kutenga ma invoisi onse osalipidwa n'kuwaika m'magulu malinga ndi msinkhu wake, osapitirira masiku 30, a masiku 31 mpaka 60, a 61 mpaka 90, ndi opitirira 90. Kawirikawiri mupeza kuti ambiri amalipira bwino, koma anthu atatu kapena anayi ndiwo akusunga gawo lalikulu la ndalamayo, ndipo ina mwa iyo mwina sidzabweranso.

Masiku 45 a katundu nawonso amabisa zinthu mofananamo. Simenti sikhalitsa, ndipo sangakhalitse n'komwe chifukwa amauma akagwidwa ndi chinyezi, pamene maloko okwera mtengo, matailosi a mtundu umene anthu anasiya kuukonda kapena utoto wa mtundu wachilendo zikhoza kukhala chaka chathunthu. Chiwerengero chimodzi chimasakaniza zonsezi. Ndiponso ngati K36 miliyoni ija munaiwerenga m'nyengo ya mvula, pamene ntchito zomanga zimachepa, siikukuuzani zimene mumafunika m'chilimwe anthu akagulitsa mbewu n'kuyamba kumanga. Ndi bwino kuwerengera mwezi ndi mwezi, chifukwa mpamba uyenera kukwanira pa mwezi wothina kwambiri, osati pa mwezi wapakatikati.

Tsopano za kontilakitala uja. K15 miliyoni pamwezi ndi K500,000 patsiku, ndipo ngati phindu lidzakhale la 20 peresenti monga pa malonda enawo (ngakhale wogula zambiri nthawi zambiri amapempha kumutsitsira), katunduyo mudzamuoda pa K400,000 patsiku. Ulendo wa ndalama imeneyi ndi masiku 45 m'sitolo, kuphatikiza 60 odikira, kuchotsa 20 a okukongozani, zomwe zikupereka masiku 85. Kuchulukitsa 85 ndi K400,000 mupeza K34 miliyoni. Imeneyo ndiyo ndalama yatsopano imene muyenera kuika musanalandire tambala imodzi, kuwonjezera pa K44 miliyoni imene ili kale kunja. Phindu la mgwirizanowo ndi K100,000 patsiku, pafupifupi K3 miliyoni pamwezi, choncho kuti libweze K34 miliyoni pafunika miyezi yoposa 11, osawerengera mafuta a galimoto ndi aganyu opakira katundu.

Mukakongola ndalama yonseyo pa chiwongoladzanja, tingoyerekeza, cha 30 peresenti pachaka, banki idzatenga K10.2 miliyoni pa phindu la K36.5 miliyoni la chaka. Pamenepo bizinesi ikadalipo. Vuto lili pa mawu akuti masiku 60. Kontilakitala amalipira iye akalipidwa ndi mwini ntchito, ndipo malipiro akewo amadikira kuti ntchito iyenderedwe ndi kuvomerezedwa. Akachedwa ndi mwezi umodzi wokha, masiku amakhala 115 ndipo ndalama yofunika imakwera kufika K46 miliyoni. Choopsa kuposa chiwongoladzanja n'chakuti pofika tsiku la 60, asanalipireko kalikonse, munthu mmodziyu adzakhala ali ndi ngongole ya K30 miliyoni, yofanana ndi ya makasitomala anu onse a lero pamodzi. Mabizinesi ambiri amene amagwa malonda akukula amagwa motere: maoda akuchuluka, phindu likuoneka pa pepala, koma ndalama yolipirira katundu wa sabata ino palibe. Zizindikiro zake ndi kuyamba kuzengereza malipiro a antchito, kuoda katundu pang'onopang'ono pa mtengo wokwera, ndi ovadirafiti, ngongole yotapa kubanki kuposa ndalama zimene zili mu akaunti, imene sitsikanso mwezi wonse.

Pali zinthu ziwiri zimene mawerengedwe a pamwambawa sanazigwire. Choyamba ndi msonkho wa VAT. Ngati munalembetsa, msonkho wa pa invoisi mumaupereka ku MRA pofika pa 25 mwezi wotsatira, kaya wogula walipira kapena ayi, mutachotsa umene munalipira poodera. Wogula wa masiku 60 ndiye kuti mumamulipirira VAT ya pa phindu lanu iye asanakupatseni kanthu. Muonetsetsenso kuti pogawa muli kugwiritsa ntchito manambala ofanana, chifukwa ngongole za makasitomala zimalembedwa ndi VAT pamene malonda a m'mabuku amalembedwa opanda VAT, ndipo kusakaniza ziwirizi kumatalikitsa masiku mwabodza. Chachiwiri ndi kukwera kwa mitengo. Masiku akhoza kukhala omwewo koma makwacha ofunika n'kukwera, monga anaonera ogulitsa katundu wochokera kunja pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anakongoza katundu pa mtengo wakale analandira ndalama yosakwanira kuodera katundu yemweyo.

Ubwino wowerengera m'masiku ndi wakuti tsiku lililonse limakhala ndi mtengo wake, ndipo mumadziwa pofunika kulimbana. Kwa inu tsiku limodzi la katundu ndi K800,000, kotero kutsitsa masiku kuchoka pa 45 kufika pa 35 kumamasula K8 miliyoni, ndipo njira yake ndi kugulitsa motchipa katundu wogona uja, ngakhale pa mtengo woodera, n'kusiya kumuodanso. Kukoka okongola kuchoka pa masiku 60 kufika pa 45 kumabweza K7.5 miliyoni, ngati kuyerekeza kwanga kwa theka kuli koona. Izi zimatheka polemba invoisi tsiku lomwelo katundu watuluka, kuika malire a ngongole ya munthu aliyense, ndi kukana kupereka katundu wina kwa amene wadutsitsa tsiku. Kupempha okupatsani katundu kuti masiku 20 akhale 30 kungapereke K8 miliyoni inanso, koma pano ndichenjeze: zikhale zogwirizana, osati kungochedwa mwakachetechete, chifukwa wokupatsani katundu akataya chikhulupiriro amayamba kufuna ndalama patsogolo, masiku 20 aja n'kukhala ziro, ndipo mufunika K16 miliyoni nthawi imodzi. Muonenso ngati amatsitsa mtengo kwa olipira msanga. Kuchotseredwa 2 peresenti chifukwa cholipira masiku 20 msanga kukufanana ndi chiwongoladzanja cha pafupifupi 37 peresenti pachaka, choncho nthawi zina kulipira msanga kumapindulitsa kuposa kutalikitsa masiku.

Kwa kontilakitalayo ndingapite ndi mfundo izi. Apereke ndandanda ya katundu amene adzafune sabata ndi sabata, kuti muzioda molingana ndi ntchito yake ndipo katundu wakeyo asagone m'sitolo kupitirira masiku 10. Alipire pa masiku 30, ndipo ngongole yake isapitirire K15 miliyoni nthawi iliyonse. Zikatero ulendo ukhala 10 kuphatikiza 30 kuchotsa 20, masiku 20 okha, ndipo ndalama yofunika itsika kuchoka pa K34 miliyoni kufika pa K8 miliyoni, imene mungaipeze pa katundu wogona uja osaponda kubanki. Akaumirira masiku 60, ulendo ukhala masiku 50 ndipo mufunika K20 miliyoni. Pamenepo mtengo ukwere kuti ulipire chiwongoladzanja, mufunse kwa ena amene anamugulitsapo katundu mmene amalipirira, ndipo kubanki mupemphe malire a ngongole a K32 miliyoni, okwanira kupirira kuchedwa kwa mwezi umodzi, ngakhale mukuyembekeza kugwiritsa ntchito K20 miliyoni yokha. Akakana zonse ziwiri, ndandanda ndi malire a ngongole, mugulitseni pa kauntala monga wina aliyense.