Mutu wa zilembo 56 wadulidwa, wa zilembo 57 watuluka wonse

"Muli bwanji achimwene? Ine ndimakhala ku Mbare, mumzinda wa Harare, ndipo ntchito yanga ndi yotumizira anthu katundu kumudzi ku Malawi kudzera pa mabasi a pa siteshoni ya Roadport. Mwana wanga anandipangira webusaiti, nandiuza kuti mutu wa tsamba usapitirire zilembo 60. Ndinamvera. Koma taonani. Mutu uwu, `Kutumiza katundu ku Blantyre ndi Lilongwe tsiku lililonse`, uli ndi zilembo 57 ndipo pa Google ukuoneka wonse. Uwu, `MITENGO YOTUMIZIRA KATUNDU KU MWANZA, ZOMBA NDI MANGOCHI`, uli ndi 56 zokha, koma ukuthera pa `NDI ...`, Mangochi kulibe. Chonsecho makasitomala anga ambiri ndi a ku Mangochi komweko. Ndalakwitsa pati?"

Ndili bwino bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Zilembo mwawerenga bwino, ndaziwerenganso ine, pamodzi ndi mipata ya pakati pa mawu, ndipo ndapeza 57 ndi 56 monga mwanenera. Kungoti Google sawerenga zilembo. Amayeza malo amene mawuwo akutenga pa sikirini.

Zimenezi inu mukuzidziwa kale, kungoti pa katundu. Munthu akabwera ndi mitolo khumi, simunena msanga kuti ikwana m'ngolo ya basi musanaione. Ikakhala mitolo ya mabulangete, inayi yokha yadzaza malo. Akakhala timakatoni ta sopo, khumi onse alowa n'kutsalanso malo. Mzere umene Google amalembapo mutu wa tsamba lanu uli ngati ngolo imeneyo: uli ndi malire ake m'lifupi, ndipo zilembo zina ndi mabulangete, zina ndi timakatoni.

M'lifupimo amayeza ndi mapikiselo, timadontho ting'onoting'ono timene timapanga chilichonse chooneka pa sikirini. Pa kompyuta, mzere wa mutu umakhala wa mapikiselo pafupifupi 600. Nambala imeneyi sikuti Google anailengeza ngati lamulo. Iye amangonena kuti mutu ukhoza kutalika mmene mwini wake afunira, koma adzaudula kuti ukwane pa chipangizo chimene munthu akugwiritsa ntchito. Anthu a ntchitoyi ndi amene anayeza n'kupeza 600. Imasinthanso: cha mu 2014 inali 512, ndipo mu 2016 malowo anakula kufika pa 600.

Tsopano tibwere pa zilembozo, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Poyerekezera mmene mutu uonekere, timagwiritsa ntchito kalembedwe kotchedwa Arial, pa msinkhu wa mapikiselo 20. M'kalembedwe kameneka chilembo chilichonse chili ndi m'lifupi mwake. Chilembo `i` ndi `l` n'zowonda kwambiri, chilichonse chimatenga mapikiselo osakwana 5. Zilembo monga `a`, `e`, `n`, `o` ndi `u` zimatenga 11. Chilembo `w` chimatenga 14, `m` pafupifupi 17, ndipo `W` wamkulu, yemwe ndi wonenepa kuposa onse, amafika pafupifupi 19. Ndiye kuti malo a `W` mmodzi mukhoza kuikamo ma `i` anayi. Mpata wa pakati pa mawu nawo si waulere, umadya mapikiselo pafupifupi 6.

Ndinakhala pansi n'kuphatikiza mitu yanu iwiri ija chilembo ndi chilembo. Woyambawo wakwana mapikiselo pafupifupi 500. N'chifukwa chake ukuoneka wonse, ndipo patsala malo a mapikiselo 100. Taonani mawu omaliza aja, `lililonse`: zilembo 9, koma zisanu zoyambirira ndi `l` ndi `i` zokhazokha, moti mawu onsewo akungotenga mapikiselo 66. Yerekezani ndi `MANGOCHI`, zilembo 8 zokha, koma mapikiselo 110.

Mutu wachiwiri wakwana mapikiselo pafupifupi 690. Wapitirira malire ndi 90. Mukawerenga kuyambira pa `MITENGO` mpaka pa `NDI`, mwafika kale pa 574. Kuwonjezerapo mpata ndi timadontho titatu tija, mwafika pa 597, ndipo ngolo yadzaza. Kawirikawiri Google sadula pakati pa liwu, amachotsa liwu lonse limene silikukwana. Choncho Mangochi anatsala pansi yense, osati `MA` kuoneka n'kutsala `NGOCHI`.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa ife olemba m'Chichewa zimenezi zimatipweteka kuposa anzathu. Malangizo akuti zilembo 50 mpaka 60 anawapanga poyang'ana mitu ya Chingerezi yolembedwa ndi zilembo zazing'ono, ndipo ndi kungoyerekeza: chilembo chimodzi mapikiselo pafupifupi 10, ndiye 600 ikupatsa 60. Mwana wanu sananame, anangokupatsani chiyerekezo chimenecho. Koma mawu athu ndi aatali. Liwu limodzi ngati `kuchokera` kapena `yotumizira` likalephera kukwana ndi mapikiselo awiri okha, timataya zilembo 9 kapena 10 nthawi imodzi. Komanso `m` ndi `w` zili ponseponse m'chilankhulo chathu: mwana, mawa, Mwanza, Malawi. Dzina lakuti `Mwanza` lili ndi zilembo 6 koma limatenga mapikiselo 74, kuposa `lililonse` wa zilembo 9 uja.

Chokonza choyamba n'chapafupi. Siyani mawu onse mmene alili, mungosintha zilembo zazikulu zikhale zazing'ono:

```html
<title>Mitengo yotumizira katundu ku Mwanza, Zomba ndi Mangochi</title>
```

Zilembo zikadali 56, koma m'lifupi mwatsika kuchoka pa 690 kufika pa 549. Mapikiselo oposa 140 apulumuka popanda kuchotsa liwu ngakhale limodzi. Ndikudziwa chimene chimatikopa kuti tilembe ndi zilembo zazikulu. Pa chikwangwani cha pa shopu zimaoneka patali, ndipo timafuna kuti pa intaneti tizionekanso choncho. Koma pa Google mitu yonse imakhala ya msinkhu umodzi ndi mtundu umodzi, ndipo zilembo zazikulu zimangokudyerani malo.

Komabe ine sindingaimire pomwepo. Mwanena kuti makasitomala anu ambiri ndi a ku Mangochi, nanga bwanji dzinalo lili kumapeto, kumene mpeni umayambira kudula? Ndiponso m'mutu wanu mulibe Harare. Munthu ali ku Highfield kapena ku Mufakose, akufuna kutumizira amayi ake malata kapena njinga, ayenera kuona msanga kuti inu muli konkuno. Ndinayesa kungowonjezera ` | Harare` kumapeto kwa mutu wokonzedwa uja, koma kameneko kamatenga mapikiselo 77, ndipo 549 ikukwera kufika pa 626. Wadulidwanso. Ndiye ndingakonde mutalemba chonchi:

```html
<title>Kutumiza katundu ku Mangochi kuchokera ku Harare: mitengo</title>
```

Umenewu uli ndi zilembo 57 ndi mapikiselo pafupifupi 552. Mangochi wabwera pakati, Harare akuoneka, ndipo ngakhale tsiku lina malire atachepa, chotayika chidzakhala liwu lomaliza lokha. Mwanza ndi Zomba muwatchule m'kati mwa tsambalo, kapena muwapatse masamba awoawo ngati mitengo yake ndi yosiyana. Ine ndimakonda kusiya mutu pansi pa 570, osaufikitsa pa 600 penipeni, popeza Google amasintha kalembedwe ndi kukula kwa malowo osatiuza.

Kuti muziyeza nokha, simukufunika kuphatikiza manambala ngati mmene ndachitira ine. Tsegulani tsamba lanulo pa kompyuta mu Chrome, dinani `F12`, sankhani pamene palembedwa `Console`, n'kulemba mizere itatu iyi:

```js
const c = document.createElement("canvas").getContext("2d");
c.font = "20px Arial";
c.measureText(document.title).width;
```

Mukadina `Enter` pabwera nambala, ndipo imeneyo ndiyo m'lifupi mwa mutu wanu. Ikhoza kusiyana pang'ono ndi yanga, chifukwa zilembo zina zikayandikana, monga `A` ndi `T`, kompyuta imazifinya pang'ono. Mukafuna kuyesa mutu umene simunauike pa tsamba, chotsani `document.title` n'kuikapo mawu anuwo pakati pa zizindikiro `"` ziwiri.

Nambalayo ikabwera yaikulu kuposa imene mumayembekezera, musadabwe msanga. Dinani `Ctrl+U`, mufufuze pamene palembedwa `<title>`, muone zimene zili pamenepo. Mawebusaiti ambiri opangidwa ndi WordPress amadziwonjezera okha dzina la webusaiti kumapeto kwa mutu uliwonse. Inu mumalemba zilembo 56 m'bokosi, koma zofika kwa Google zimakhala 75. Ndinaziona izi kwa mayi wina wosoka mayunifolomu ku Dzivaresekwa. Anafupikitsa mutu wake katatu konse, timadontho osachoka, mpaka tinatsegula pamenepo n'kupeza dzina la bizinesi yake, lalitali ndithu, litadzimata kumapeto kwa tsamba lililonse.

Pali chinthu china chimene anthu amachisokoneza ndi kudula. Nthawi zina Google sadula mutu wanu, amaulemba mwina. Mu Ogasiti 2021 anasintha njira yopangira mitu ya zotsatira, ndipo mwezi wotsatira ananena kuti pa maulendo 100 alionse, pafupifupi 87 amagwiritsa ntchito mutu umene mwini tsamba analemba. Pa otsalawo amatenga mawu kwina, kawirikawiri pa mutu waukulu wooneka pamwamba pa tsambalo, uja wa `<h1>`. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Mukaona mawu anu omwe, m'ndondomeko yawo, n'kuthera pa timadontho titatu, ameneyo ndi mpeni wa mapikiselo. Mukaona mawu ena, kapena anu omwe koma atasinthana malo, ndiye kuti Google walemba wake, ndipo kuyeza mapikiselo sikungathandize. Pamenepo muyang'ane ngati mutuwo ukugwirizana ndi `<h1>` komanso ndi zimene zili pa tsambalo. Mutu wautali kwambiri, kapena wobwereza liwu limodzimodzi kangapo, ndi umene amakonda kuulembanso.

Musade nkhawa kuti nthawi yonseyi tsamba lanu silimapezeka kwa ofufuza za Mangochi. Kudulako ndi kwa maso a munthu basi, Google amawerenga mutu wonse mpaka kumapeto. Chimene mumataya ndi munthu uja amene waona Mwanza ndi Zomba, osaona kwawo, n'kupitirira kwa mnzanu. Pa foni zinthu zimapepukako, popeza mutu ukatalika umatsikira pa mzere wachiwiri, moti mwina ambiri mwa makasitomala anu amauona wonse. Komabe muyang'ane konsekonse, pa foni ndi pa kompyuta, chifukwa mafoni nawo ndi osiyana kukula.

Mukasintha mutuwo, mawa lake mudzapezabe wakale uja pa Google. Sikuti mwalephera. Amayenera kubweranso kudzaliwerenga tsambalo, ndipo zimenezi zimatenga masiku angapo, mwinanso milungu. Ngati mwana wanu analembetsa webusaitiyo mu Search Console, chida cha Google cha eni mawebusaiti, mumuuze aike adiresi ya tsambalo mu `URL Inspection` n'kudina `Request indexing`, kuti tsambalo lilowe pa mzere wowerengedwanso.