Ndimasoka tsiku lililonse koma ndalama sizioneka: mtengo wa chovala ndiziupeza bwanji?

"Zikomo alangizi. Ndine mtsikana wa ku Luchenza, ndinamaliza maphunziro a zosokasoka chaka chatha ndipo ndimasokera pakhonde la golosale. Mayi wina anabweretsa zitenje zake ziwiri kuti ndimusokere siketi yaitali ndi bulauzi zokavala kuchinkhoswe, zonse za layiningi. Ndinamutchaja K15,000, iye n'kumati ndadulitsa. Komatu nditamaliza ndinapeza kuti m'manja mulibe kanthu. Ndikulakwitsa pati?"

Achemwali, tengani kope ndi cholembera, tichiwerengere limodzi chovala chomwecho. Mitengo imene ndiikemo ndi yachitsanzo chabe. Inu mudzafufute n'kuikamo imene mwapeza pamsika sabata imeneyo.

Tiyambe ndi nsalu, ndipo tiyerekeze kuti mukukagula ndinu. Funso loyamba lisakhale lakuti "mamita angati" ayi, koma lakuti nsaluyo ndi yotambalala bwanji. Chitenje nthawi zambiri chimakhala cha masentimita pafupifupi 115 m'lifupi, pamene nsalu za masuti ndi mathalauza zambiri zimafika 150. Tinene kuti mayiyo m'mahipi ndi 108 ndipo siketi akufuna ya 100 m'litali. Pa 108 paja muonjezerepo 6 kuti azitha kukhala pansi momasuka, ndi 12 ya alawansi ya misoko ya m'mbali ndi ya pazipi. Yakwana 126, yaposa 115. Ndiye kuti kutsogolo ndi kumbuyo sizingatuluke pamzere umodzi. Mudula kawiri, ndipo mbali iliyonse idya 106 mukaphatikiza popinda m'munsi ndi polumikiza bandi. Bulauzi ya 60 m'litali nayonso mudula kawiri, 65 iliyonse. Chitenje chimodzi cha mamita awiri chikupatsani mbali imodzi ya siketi ndi imodzi ya bulauzi, zomwe ndi 171, n'kutsala 29. Manja a bulauzi ndi bandi zituluka pa zotsala za m'mbali.

Masentimita 29 otsalawo musawaone ngati otayika. Nsalu ya thonje imafupika ikachapidwa koyamba, n'chifukwa chake telala wosamala amainyika ndi kuisita asanaidule. Komanso maluwa akakhala akuluakulu mumasuntha podula kuti akumane bwino pamsoko. Pali zitenje zina zomwe maluwa ake amalola kudula mopingasa, mulifupi muja n'kukhala mulitali mwa siketi. Zikatero siketi imangodya pafupifupi 130. Choncho musatchule mtengo musanatambasule nsalu n'kuona komwe maluwa aloza. Ndipo wogulitsa akamayeza mayadi, kumbukirani kuti yadi ndi masentimita 91. Pa mayadi anayi mwaperewera 36, ndipo mpata uja wachepa kwambiri.

Tsono tilembe. Zitenje ziwiri pa K9,000 chimodzi ndi K18,000. Layiningi mamita awiri pa K3,000 ndi K6,000. Mazipi awiri K1,000, sitifeningi wa pabandi ndi pakhosi K1,000. Ngati katunduyu mumakatenga ku Limbe, ndalama ya minibasi muigawe pa zovala zonse zimene munagulira zinthu ulendo umenewo. Tinene kuti gawo la chovala ichi ndi K2,000.

Ulusi ndiye ambiri amangoti "aa, kaulusi n'kachiyani". Makina wamba amadya ulusi wotalika pafupifupi kawiri ndi theka kuposa msoko womwe asoka, poti wina uli pamwamba, wina m'bobini. Siketi ndi bulauzi za layiningi zingakhale ndi misoko yokwana mamita 20, ndiye kuti ulusi mamita 50, osawerengera womwe mumadula kumapeto ndi womwe mumataya mukasomola polakwika. Ovaloko ndiye imameza ulusi kwambiri, kuposa kakhumi kutalika kwa mphepete yomwe yadutsa. Lamulo langa n'losavuta: ulusi woyera kapena wakuda womwe mumasokera tsiku ndi tsiku muziugawa pa zovala zambiri, koma mtundu womwe mwagulira chitenje chimodzi chokha, ndalama yake yonse ipite pa chovala chimenecho, chifukwa wotsalawo ukhoza kukhala m'chitini chaka chathunthu. Tilembe K1,000 ya ulusi, ndi K1,000 yolipira mnzanu amene ali ndi makina a ovaloko. Zipangizo zonse zakwana K30,000.

Apa tafika pamene pagona vuto lanu, ndipo ndikhalapo pang'ono. Manja anu ali ndi malipiro, monga momwe wothyola tiyi kuesiteti amalandirira zake pakutha pa ntchito. Dzifunseni kuti mukanalembedwa ntchito ya utelala mukanavomera zingati pamwezi. Musatsike kuposa malipiro ochepetsetsa omwe boma limakhazikitsa, omwe mungafunse ku ofesi ya zantchito pa boma. Tinene K150,000. Mukamagwira masiku 24, maola asanu ndi atatu patsiku, pepala likuti maola 192. Koma pakhonde paja simusoka maola onsewo. Pali kudikira makasitomala, kukagula zinthu, kukonza makina akamalumpha misoko, maliro a m'mudzi. Maola omwe kasitomala angalipire mwina ndi asanu patsiku, 120 pamwezi. Gawani K150,000 ndi 120, mupeza K1,250 pa ola.

Pamwamba pake pali ndalama zomwe zimatuluka kaya mwasoka kaya simunasoke: lendi ya khonde, makala a m'simbi, singano, mafuta ndi lamba wa makina, mayunitsi oimbira makasitomala. Zikakwana K30,000 pamwezi, pa maola 120 aja ndi K250 pa ola. Ola lanu limodzi tsopano ndi K1,500.

Nanga chovalachi chinadya maola angati? Ambiri amangowerenga nthawi yomwe phazi lili pa makina. Ayi, ntchito inayamba pomwe mayiyo anakhala pabenchi n'kuyamba kufotokoza sitayelo. Kukambirana ndi kuyeza, theka la ola. Kunyika ndi kusita nsalu, theka lina. Kujambula ndi kudula chitenje pamodzi ndi layiningi, ola limodzi ndi theka. Siketi maola awiri ndi theka, bulauzi atatu ndi theka chifukwa cha madati, manja ndi khosi. Kudzayesa ndi kukonza pomwe pathina, ola limodzi. Kudula maulusi ndi kusita komaliza, theka. Onse pamodzi ndi khumi, ndiye kuti K15,000.

Koma apa chilungamo chiyendere mbali zonse. Ngati inu, poti mwangoyamba kumene, munatenga maola khumi ndi asanu pa ntchito yomwe telala wozolowera amatha m'maola khumi, asanu apamwambawo kasitomala asalipire. Amenewo ndi sukulu yanu. Muzilemba nthawi yoyambira ndi yomalizira pa chovala chilichonse kwa mwezi umodzi, ndipo mufunseko atelala achikulire kuti iwo amatenga nthawi yotani.

Zipangizo K30,000, ntchito K15,000, zonse K45,000. Mukatchaja pamenepa mwabweza ndalama ya zinthu ndipo mwadzilipira, koma bizinesi sinapeze kalikonse. Malipiro ndi omwe mumagulira ufa ndi sopo. Phindu ndi la makinawo: tsiku lomwe adzafune kusinthidwa, tsiku lomwe sizasi idzaphonye n'kuononga chitenje cha mwini mpaka mukagule china, kapena chovala chomwe mwasoka koma mwini wake osabweranso. Ine ndimaona kuti K20 pa K100 iliyonse ndi phindu loyenera pa ntchito yotere, losamudyera munthu masuku pamutu. Pa K45,000 ndi K9,000, ndipo mtengo wonse ndi K54,000.

Tsopano tichotse zitenje poti mayiyo anabwera nazo. Zipangizo zatsala K12,000, ntchito ikadali K15,000, zonse K27,000. Phindu K5,400. Mtengo wake unali K32,400, tingoti K32,500. Pa ndalama yomwe munalandira ija, mutachotsa K12,000 ya zipangizo, inatsala K3,000 ya maola khumi. Ndiye K300 pa ola, ndipo K250 ya pamenepo ndi ya lendi ndi makala. Munasokera K50 pa ola, achemwali. Zimandipweteka chifukwa ndaona achinyamata aluso akugulitsa makina n'kumati utelala sulipira, chonsecho chinalakwika ndi masamu okha.

Ndikudziwa chomwe mukuganiza: pa Luchenza ndani angapereke K32,500, kaunjika ali pomwepo? Wina adzakanadi. Koma munthu akayamba kunenerera, musatsitse mtengo chovala chili chomwecho. Chepetsani ntchito. Muuzeni kuti, "Mayi, tikachotsa layiningi wa bulauzi ndi kusoka khosi wamba, mtengo utsika kufika apa." Nsalu ya layiningi yachepa, maola achepa, ndipo iye waona ndi maso komwe ndalama imapita. Ngati pali potsitsa, ndi pa phindu, makamaka akabwera ambiri a nsalu imodzi ndi sitayelo imodzi, monga amayi a mvano, operekeza mkwatibwi, kapena gulu lokonzekera mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde. Pamenepo kudula kumafulumira ndipo ulusi ndi umodzi, choncho kutsitsa kuli ndi maziko. Pa malipiro a manja anu pokha musakhudzepo. Mukaona kuti mtundu wina wa chovala anthu a kwanuko safika pa mtengo wake woona, tsamirani pa zomwe zimalipira, monga mayunifolomu sukulu zikamatsegulira mu Seputembala.

Mtengo muziulemba m'kope mayiyo akuona, ndi miyeso yake, sitayelo yomwe mwagwirizana, ndi tsiku lodzatenga. Miyezi ya chiperoni, nsalu yonyika imachedwa kuuma, ndiye onjezerani tsiku limodzi kapena awiri pa lonjezo lanu. Lembaninso kuti mtengowu ndi wa masabata awiri okha. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo zinthu zochokera kunja monga mazipi, ulusi ndi layiningi zimatsatira zoterozo msanga. Dipoziti ikhale yokwana kugulira zipangizo zonse, pa chovala ichi K12,000, ndipo sizasi isakhudze chitenje ndalamayo isanalowe m'manja mwanu. Yotsala, K20,500, alipire tsiku lodzatenga, atayesa chovala n'kukhutira.