Kalata yopita kwa abwana pamene endometiriyosisi yavuta

"Zikomo achemwali. Ndimagwira ntchito ya maakaunti pakampani ina ku Limbe, chino ndi chaka chachitatu, ndipo ndimakhala ku Machinjiri. Adokotala anandipeza ndi endometiriyosisi, matenda a amayi obweretsa ululu waukulu m'munsi mwa mimba makamaka posamba. Mwezi uliwonse pamakhala masiku amene ndimalephera ngakhale kuwongoka. Ndatopa ndi kunama kuti ndi malungo. Ndikufuna kulembera abwana kuti masiku amenewo ndizigwirira ntchito kunyumba, koma ndikuopa kuti aziti ndine waulesi, mwinanso kundichotsa. Ndilembe bwanji?"

Achemwali, cholembera chidikire kaye. Yambani ndi kope la sukulu, lija la masamba ochepa, ndipo kwa miyezi itatu muzilembamo madzulo aliwonse zinthu zitatu: tsiku, kukula kwa ululu kuyambira 0 mpaka 10, ndi zimene munatha kuchita tsikulo. Osangolemba kuti "ndinadwala". Lembani kuti munasanza kawiri m'mawa, munakhala pampando mphindi 40 zokha kenako munakagona chopinda mawondo, kapena kuti pofika 11 koloko mankhwala anagwira ndipo munamaliza kuwerengera malisiti. Ngati zafulumira, kumbukirani miyezi yapitayi pogwiritsa ntchito madeti a m'buku lanu lakuchipatala ndi mauthenga amene munkatumizira abwana.

Kopelo likuonetsani kuti masiku ovutawo si amtundu umodzi. Lilipo tsiku limene simungagwire ntchito ina iliyonse, kaya muli kunyumba kapena kuofesi. Aliponso masiku amene mutu ukugwira bwinobwino, manja akutha kutayipa, koma thupi silingapirire ulendo. Ganizirani zimene zimachitika kuchoka ku Machinjiri kukafika ku Limbe: kuima pasiteji, kupanikizana pampando wa minibasi mawondo atagunda chitsulo, kugwedezeka pa bampu iliyonse pamene m'munsi mwa mchombo mukumva ngati mukukokedwa ndi waya, magazi akutuluka ambiri, chimbudzi palibe mpaka mukafike. Munthu amafika paofesi atatheratu ntchito isanayambe. Mtundu wachitatu ndi wa masiku amene m'mawa mokha ndi mmene muli movuta, masana zikupepuka.

Makalata ambiri amakanidwa chifukwa amasakaniza mitundu itatuyi n'kupempha chinthu chimodzi chosadziwika malire, monga "mundiganizire ndikadwala". Bwana akawerenga zimenezo amangoona dzenje lopanda pothera. Ndiye kalata yanu ipemphe zinthu zitatu zosiyana: tsiku loipitsitsa likhale tchuthi cha matenda, masiku ovuta ulendo mugwirire kunyumba, masiku ovuta m'mawa mulowe mochedwa n'kubweza maolawo. Ndipo chonde musalonjeze kugwira ntchito pa tsiku loipitsitsalo pofuna kuoneka olimba. Mudzalephera, kenako kulepherako kudzakhala umboni wakuti kugwirira kunyumba sikuthandiza.

Pali cholakwika china chimene ngakhale anthu a maakaunti amachita, kupempha madeti okhazikika. Msambo sutsata kalendala ya pakhoma. Tiyerekeze kuti inu mumasamba pakapita masiku 28 ndipo mwayamba pa 27 Malichi. Ulendo wotsatira ndi pa 24 Epulo, kenako pa 22 Meyi, kenako pa 19 Juni. Madeti akubwerera m'mbuyo mwezi ndi mwezi, ndipo kwa ambiri thupi silisunga n'komwe masiku 28 ndendende. Komanso matendawa ena amawavutitsa pakati pa mwezi, osati posamba pokha. Choncho pemphani chiwerengero cha masiku, osati madeti, ndipo lonjezani kuti kumayambiriro kwa mwezi uliwonse muzinena sabata imene mukuyembekezera kuti zivuta. Kwa inu izi n'zofunika kwambiri chifukwa ntchito yanu ili ndi masiku osasuntha: malipiro a antchito kumapeto kwa mwezi, ndi msonkho wa pa malipirowo umene uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Mwezi wina ululu udzagwera pomwepo. Bwana adzaliganizira funso limeneli asanamalize kuwerenga ndime yoyamba, ndiye liyankheni inu iye asanafunse.

Mundilole ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhani ya malungo ija yandikhudza. Bodza limeneli limayamba chifukwa tinakula tikuuzidwa kuti za kumwezi sazitchula pamaso pa amuna, ndiponso kuti m'mimba mukamapweteka mkazi amangomanga chitenje n'kupirira. Ena amauzidwa kuti zidzatha akadzabereka. Si zoona kuti kubereka kumachiza matendawa. Endometiriyosisi ndi pamene minofu yofanana ndi ya m'kati mwa chiberekero imera kunja kwake, pa malo opangira mazira, pa matumbo, pa chikhodzodzo kapena m'mbali mwa chiuno. Imatupa motsatira mahomoni a msambo, imasiya zipsera, ziwalo zina n'kumatana. N'chifukwa chake ululu umabwera ngakhale pokodza kapena pochita chimbudzi, limodzi ndi nseru, kutupa m'mimba ndi kutopa kosaneneka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati mwa amayi ndi atsikana 10 a msinkhu wobereka, pafupifupi mmodzi ali nawo. Si ulesi, ndipo ine ndikuti bodza la malungo lithe mwezi uno. Limakuwonongerani mbiri, pakuti palibe bwana amene angakhulupirire malungo obwera mwezi uliwonse, ndipo tsiku limene mudzanene zoona adzakumbukira kuti munamunamizapo. Anzathu a ku Zambia lamulo lawo limapatsa mayi wapantchito tsiku limodzi pamwezi popanda kufunsidwa kalata ya dokotala. Ife tilibe zimenezo, choncho chitetezo chanu ndi mapepala.

Zimene lamulo likukupatsani

Lamulo la za ntchito la 2000 silitchula endometiriyosisi, ndipo silikakamiza bwana kukulolani kugwirira kunyumba chifukwa cha matendawa. Chimenecho ndi chopempha, n'chifukwa chake kalata isalembedwe moopseza. Koma limakupatsani izi. Gawo 46 likuti amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi masabata 4 a tchuthi cha matenda pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, bola abweretse kalata ya dokotala wovomerezeka. Gawo 57 likuti kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda si chifukwa chokwanira chochotsera munthu ntchito, ndiponso munthu sachotsedwa chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza. Zikavuta, dandaulo limayambira ku ofesi ya zantchito ya boma pasanathe miyezi itatu chichotsedwereni, ndipo likakanika kumeneko limapita ku khoti la zantchito, lomwe lilipo kuno ku Blantyre. Onaninso buku la malamulo a pakampani panu, chifukwa ena amapereka zoposa pamenepa.

Tiwerengere. Ngati mumagwira masiku asanu pasabata, masabata 4 ndi masiku 20. Wosamba pakapita masiku 28 amasamba ka 13 pachaka. Mukamajomba masiku awiri ulendo uliwonse, ndi masiku 26. Ena adzagwera Loweruka ndi Lamlungu, komabe tchuthi cha malipiro onse chatsala pang'ono kutha musanadwale chimfine kapena malungo enieni, musanaganizenso za opaleshoni. Koma tsiku limodzi likakhala la tchuthi, linalo mwagwirira kunyumba, masiku ojomba atsika kufika 13 ndipo kampani yapeza masiku 13 a ntchito amene ikanataya. Masamu amenewa alowe m'kalata. Ndi amene bwana angakawatchule kwa akuluakulu ake.

Kalata ya dokotala nayo muisamale. Kaya mumaonedwa ku Queens kapena kuchipatala cholipira, pemphani kalata yapadera, musapereke buku lanu lakuchipatala. M'bukumo muli zinthu zimene abwana sayenera kuona, za kubereka, za kulera, zotsatira za magazi. Kalatayo inene kuti muli ndi matenda okhalitsa amene amavuta mobwerezabwereza, pafupifupi masiku angati pamwezi, kuti masiku ena simungayende ulendo kapena kukhala pampando nthawi yaitali koma mungagwire ntchito ya pakompyuta, ndi kuti mukulandira chithandizo. Ikhale ndi deti, dzina la dokotala ndi chidindo. Ngati sikani sinaonetse kanthu musachite mantha, chifukwa timabala tating'ono nthawi zambiri sitioneka pa sikani, ndipo dokotala akhoza kulemba potengera zizindikiro. Muli komweko funsani za nthawi yoyambira mankhwala ngati bulufeni. Amagwira bwino akayambidwa ululu usanakule, amamwedwa mutadya, ndipo si a munthu wa zilonda za m'mimba.

Tsopano kalatayo. Tsamba limodzi basi. Ngati paofesi panu mumalemberana m'Chingerezi, ikonzeni kaye m'Chichewa kuti mfundo ziwongoke.

"Bwana, ndikulemba kupempha kusintha pang'ono kagwiridwe kanga ka ntchito pa zifukwa za umoyo. Adokotala anandipeza ndi matenda okhalitsa otchedwa endometiriyosisi, amene amandivuta kwambiri masiku awiri kapena atatu pamwezi. Kalata yawo ndaiphatikiza. Ndikupempha kuti ndizigwirira kunyumba masiku osapitirira awiri pamwezi, ndipo tsiku lina limodzi ndizilowa 10 koloko n'kubweza maolawo sabata yomweyo. Tsiku limene sindingathe kugwira konse ndizitenga tchuthi cha matenda monga mwa malamulo. Ndizikudziwitsani isanakwane 7 koloko m'mawa, ndizipezeka pafoni nthawi yonse ya ntchito, ndipo madzulo ndizitumiza zimene ndamaliza. Masikuwa akayandikira kumapeto kwa mwezi, ndizikonzeratu malipiro masiku awiri nthawi isanakwane. Ndikupempha tiyesere miyezi itatu kenako tikhale pansi tione mmene zayendera. Ndikupemphanso kuti nkhaniyi ikhale pakati pa inu ndi oona za antchito okha."

Manambalawo musinthe potengera kope lanu. Musanapereke, dzifunseni ngati kunyumba kungagwirikedi ntchito: laputopu ndi ya ndani, bandulo agula ndani, magetsi akazima batire ipirira maola angati, ndipo kodi mafayilo a malipiro amaloledwa kutuluka mu ofesi. Ngati saloledwa, sungani ntchito zimene zingatuluke, monga kufananitsa mabuku ndi sitetimenti ya kubanki, kuti zikhale za masiku amenewo. Mupereke tsiku limene muli bwino, osati mukubuula. Sindikizani makope awiri, limodzi alidinde ndi kulemba deti kuti likhale lanu. Akakuyankhani pakamwa kuti palibe vuto, thokozani, kenako tsiku lomwelo tumizani imelo yobwereza zimene mwagwirizana, chifukwa bwana ameneyo akadzasamutsidwa wobwerayo adzafuna kuona cholembedwa. Akakana zogwirira kunyumba, funsani chimene chikuwavuta, ndipo pemphani kulowa mochedwa kokhako kwa miyezi itatu yoyeserayo.